Chimera cha ku Lublin

Bambo Sitefano adamwalira ku Waverley, ku Kadoma, mwana wawo Tabitha ali ku Poland komwe ankaphunzira unamwino mumzinda wa Lublin. Kumaliro sadapite. Chiphaso chake chokhalira m'dzikomo chinali chisanatuluke, ndipo akadangochoka, kubwereranso kukadavuta. Koma anthu a pamaliro sadziwa za ziphaso. Iwo adangoona kuti mwana yemwe malemuwo ankamutama m'komboni monse palibe, ndiye pakamwa padawayabwa.

Azakhali ake, a Eliness a ku Chegutu, omwe iye ankawatchula kuti tete, adamuimbira foni.

"Sadaka ya baba ako ndi Loweruka la sabata yamawa. Ife tiphika thobwa kuno. Iwenso uphike komweko tsiku lomwelo, kuti ndikawatseke pakamwa onena kuti unawataya."

"Ndiphika, tete."

Kuvomera n'kosavuta. Thobwa limafuna chimera, ndipo chimera sachigulitsa m'masitolo a azungu. Ufa wa chimanga adaupeza, wachikasu koma ufa ndithu. Pashelefu ina adaona timapaketi ta mawere oyera bwino, opanda n'kamchenga komwe. Adawaviika usiku umodzi, n'kuwayala pathaulo yonyowa, kenako n'kuyamba kudikira kuti amere.

Masiku anayi adapita. Mawere aja sadatulutse ngakhale kamuzu kamodzi, adangoyamba kuterera ndi kununkha ngati madzi a matsukwa. Tabitha mtima udamuthawa. Adaimbira azakhali aja pa vidiyo n'kuwaonetsa mawerewo.

"Tasendeza pafupi ndione. Maiwe! Mwanangu, amenewo ngokonola kale. Mbewu yokonola inamerapo kuti? Sukulu yonseyo osadziwa zimenezi?"

"Nanga nditani, tete? Kuno chilichonse amagulitsa chokonola."

"Funa mbewu yamoyo, yakhungu lake. Ngakhale chibage, chimanga chenicheni, chimachita."

Kudatsala masiku asanu okha. Tabitha adajomba kalasi n'kuzungulira masitolo anayi m'chisanu choluma makutu. Chimanga chinalipo, inde, koma cham'chitini, china chouma ndi ayezi. Tirigu anali wosweka, mpunga wopuntha. Dziko lodzaza chakudya chonchi, osapezeka n'kambewu komwe koti munthu n'kudzala! Adaima pakati pa sitolo misozi ili lengelenge, akudziona kuti ndi mwana wachabechabe yemwe walephera kuika bambo ake, ndipo tsopano akulephera ngakhale kuwaphikira.

Potuluka adadutsa pashelefu ya maswiti, ndipo m'munsi mwake adaona chimanga cha mbuliwuli chosakazinga, chosathira mafuta kapena mchere. Maso ake anali athunthu, khungu lili pomwepo. Adagula mapaketi atatu.

Adachiviika, n'kuchifunditsa thaulo pafupi ndi chitsulo chotenthetsera chipinda. Ankachivundukula kakhumi pa tsiku ngati mayi wa mwana wodwala. Mmawa wa tsiku lachiwiri timizu toyera tidasuzumira, ndipo pofika Lachinayi tinali titatalika ngati chikhadabo. Dzuwa loti ayanikepo kunalibe. Adachiumitsa mu uvuni pamoto wochepetsetsa, chitseko chili chotsegula pang'ono, poopa kuti chikapsa chimera chitha mphamvu. Kenako adachipera pang'onopang'ono m'kachigayo ka khofi, mpaka kachigayoko kadayamba kununkha waya.

Madzulo ake adaphika phala lolimbirako, n'kulisiya lizizire mpaka chala chitatha kupiriramo. Adathira chimera chija n'kutakasa, akupemphera chamumtima. Phala lija lidayamba kusungunuka lokha. Lachisanu adaliwiritsanso, ndipo atalawa adamva kutsekemera kosathira shuga.

Loweruka masana adaimbanso foni. Ku Waverley pabwalo panali podzaza, amayi atakhala pamphasa, migolo ya thobwa ili pansi pa mtengo wa mango. Tabitha adaonetsa poto wake. Azakhali adayenda nayo foniyo kuonetsa anthu, kenako adafunsa:

"Waita zvakanaka, wachita bwino. Ndiye amwa anthu angati?"

"Palibe, tete. Ndili ndekha."

"Aa! Thobwa la sadaka sumwa wekha ngati mankhwala. Likapanda kumwedwa ndi anthu, sunaphike kanthu."

Tabitha adanyamula poto ndi kapu n'kutuluka m'khonde la nyumba yogona ophunzira. Chitseko choyamba sichidatseguke. Pachiwiri mnyamata wina adasuzumira m'potomo n'kupukusa mutu. Pachitatu ndi pachinayi panali zii. Pachisanu padatuluka mtsikana wa ku India yemwe ankangopatsana naye moni pamakwerero, dzina osadziwana. Iye adalandira kapuyo, adanunkhiza, n'kumwa yonse.

"N'chokoma," adatero m'Chingerezi akumwetulira. "Kodi kuli chikondwerero chanji?"

Tabitha adatsegula pakamwa kuti afotokoze za mwambo wa kwawo, koma mawu ake adatuluka m'Chichewa.

"Bambo anga amwalira."

Adakhala pansi m'khondemo n'kuyamba kulira mokuwa monga amalirira maliro ku Waverley. Mtsikana uja sadamve liwu ndi limodzi lomwe, koma adakhala naye pansipo, atamugwirira poto kuti asatayike.