Piritsi ndi Piritsi

Pamsika onse ankamutcha Sipanala, chifukwa ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi chipata. Sankakhulupirira munthu aliyense wovala yunifomu. Ankati katundu yense ndi mmodzi, amangosintha penti kuti akupusitse. "Nati ndi nati," ankatero. "Ikalowa, manga."

Tsiku limenelo anakhala pa benchi ya m'wodi ya amayi, chipewa chili pa bondo. Pabedi panagona mkazi wake, telala, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Dzanja lamanja, lija lozungulitsa makina osokera, linangoti lobodo pa bulangeti ngati la wina. Dzulo lake m'mawa sizasi inamupulumuka, ndipo atafuna kuitana mwamuna wake, mawu anakana. Adokotala anati ndi sitiroko.

Apongozi anafika masana atanyamula beseni ndi mkwiyo.

"Ndinanena ine!" anatero asanapereke n'moni womwe. "Mapiritsi anu olerawa andiphera mwana. Ife tinabereka mpaka kutopa, tinamwako zimenezi?"

Namwino, mayi wonenepa wa magalasi, ankapopa lamba woyezera bipi pamkono wa wodwalayo. Anayankha osatembenuka.

"Agogo, mimba yomaliza ija mwaiwala? Bipi inakwera mpaka anakomoka. Tinkathamanga nawo ndife. Atatenga mimba ina panopa, sindikulonjezani kuti muwaona."

"Nanga izi zili apazi n'zabwino?"

"Mapiritsi omwe tinawapatsa ali ndi mankhwala amodzi okha. Amenewo timapereka dala kwa amayi a bipi. Ndiye ndikudabwa nanenso."

Sipanala anayang'ana pansi. M'thumba la jekete, pakati pa mavavu a njinga ndi kachidutswa ka chubu, munali paketi ya mapiritsi. Inkamutentha ngati khala.

Nkhani yake inali iyi. Mapiritsi a kuchipatala atatha, mkazi wake anali ndi mulu wa mayunifomu a sukulu oti asoke. Anafuna kupita kusikelo ya zakulera, koma Sipanala anamuletsa. "Ukatayire tsiku lonse pamzere? Akakufinye mkono ndi lamba wawo uja, kenaka akupatse zomwezo? Khala usoke, ndikugulira ine."

Kusitolo ya mankhwala, wogulitsa anamufunsa: "Mayiwo sadwala bipi? Shuga? Mutu waching'alang'ala?" Sipanala anaganiza kuti munthuyo akufuna amukakamize kugula zinanso. "Ali bwinobwino," anayankha mwaukali. "Mwandiyesa ndabwera kudzacheza?"

Kunyumba mkazi anaitembenuza paketiyo. "Bambo a ana, awa si amene aja. Aja anali a mtundu umodzi onse. Awa ali ndi mzere wa ofiirira kumapetoku."

"Penti chabe. Piritsi ndi piritsi."

Anamwa, poti anamukhulupirira. Paketi itatha, anamugulira ina, kenaka inanso. Kusikelo sanapitekonso, moti palibe anamuyezanso bipi. Mutu utayamba kumuwawa, Sipanala anati ndi kuwerama pamakina.

Tsopano apongozi anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akupukuta malovu pachibwano cha mwana wawo ndi nsonga ya nsalu.

"Mkamwini, mwamva? Akatuluka muno, zolerazi zithe. Kaya piritsi, kaya jakisoni, sindifuna kuziona. Mwana wanga si mbuzi yoyeserapo mankhwala."

"Ndamva, amayi."

Linali khomo lotseguka. Akanatha kutuluka, kukaponya paketiyo m'chimbudzi, mlandu n'kugwera achipatala. Ndani sawanena achipatala? Iye mwini anawanena moyo wake wonse. Koma akanatero, mkazi wake akanabwerera kunyumba wopanda njira iliyonse, amayi ake akulondera, mpaka tsiku lina mimba. Ndipo ankakumbukira bwino mimba yomaliza ija: mapazi otupa osalowa m'patapata, maso otembenuka, thovu kukamwa.

Anadzutsa mutu n'kupeza mkazi wake akumuyang'ana. Diso limodzi linali logwa pang'ono, koma linalo linali lakelake, lija loona msoko wokhota ali patali. Milomo inagwedezeka.

"Pe... pe..."

"Akuti pepani," anatero apongozi. "Ukupepesa ndani, mwanawe? Walakwa chiyani?"

Sipanala anadziwa kuti si pepani. Ankati penti.

Anapisa m'thumba. Mavavu anagwera pansi n'kugubuduka pansi pa bedi. Anatambasula dzanja lakuda ndi girizi, paketi ili pachikhatho.

"Anesi. Ankamwa awa."

Namwino anaitenga, naiyandikiza kumagalasi. Anapuma mpweya wautali.

"Anawapatsa ndani?"

"Ndinagula ndine."

"Sanakufunseni za bipi?"

"Anafunsa."

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono.

"Inu? Inuyo amene mumadziwa zonse? Mwana wanga mwamuyesa njinga?"

Sipanala akanakonda amumenye ndi beseni lija.

"Khalani pansi, agogo, mungagwe nanunso tikusowereni bedi," anatero namwino. Kenaka analoza paketi ndi cholembera. "Bambo, awa ali ndi mankhwala awiri. Enawo, esitirojeni, amatha kukweza bipi ndiponso kuchititsa magazi kuundana m'mitsempha. Kwa mayi wopanda vuto ndi mapiritsi abwino. Koma kwa wa bipi ayi, ngakhale akumwa mankhwala ake. Chimodzimodzi wa shuga ya zaka zambiri, kapena yomwe yayamba kuwononga maso ndi impso. N'chifukwa chake timayamba tayeza. Si kuti lambayu timamukonda."

"Ndiye ndamupha ndine."

"Sanafe, musawalire ali maso. Ndipo sindinganene kuti ndi mapiritsi okha, bipi payokha imagwetsa anthu. Koma munathira palafini pamoto."

Apongozi anafunsa motsitsa mawu tsopano. "Nanga jakisoni uja amabaya anzakewa?"

"Bipi ikakwera chonchi, jakisoni timamupewa. Kale akanatha kuika kachipangizo ka pamkono kaja, kapena kupitiriza mapiritsi oyamba aja. Koma poti sitiroko yachitika, chomwe sichikhudza magazi n'komwe ndi lupu ya kopa, ija yoika m'chiberekero. Mulibe mahomoni. Akachira asankha okha, pakamwa pakamasuka. Mwini thupi ndi iwowa, si inu, si awa." Anayang'ana Sipanala pamwamba pa magalasi. "Ilipo njira inanso. Ngati ana akukwanirani, abambo amatseka. Kanthawi kochepa, mumabwerera ndi miyendo yanu. Mayiwa thupi lawo lasenza zokwanira."

Tsiku lina lililonse Sipanala akanaseka. Akanati awa akufuna kufula anthu ngati ng'ombe. Ananenapo zimenezo pamsika, anzake n'kuwomba m'manja.

Anagwada kutola mavavu ake pansi pa bedi, ndipo anakhalitsa kumeneko kuposa mmene mavavu amafunira. Potuluka kunsi kwa bediko, dzanja lamanzere la mkazi wake linamugwira kolala ya jekete. Silinamukoke, silinamukankhe. Chala chinangopeza pamene ulusi unasomphoka, n'kumapasisita.

"Anesi," anatero osayang'ana munthu. "Zotsekazo. Amayamba ayeza kaye?"

"Amayamba akufunsani mafunso."

"Chabwino."

"Ndipo mukayankhe zoona."

Apongozi anatenga beseni n'kumupatsa. "Katungeni madzi ofunda. Muphunzire kumusambitsa, ine msana wanga unatha."

Anatuluka nalo m'khonde, akufunafuna woti amufunse kumene kuli mpopi.