Walemba Ndani Uthengawu?

Telala anamva kwa kasitomala, mapini ali kukamwa, kuti mng'ono wake wagonekedwa m'chipatala ndipo mawa amuchita opaleshoni. Panali patatha zaka ziwiri asakulankhulana, komabe kumva nkhaniyi kuchokera kwa kasitomala kunamuwawa, ndipo mantha anamugwira. Kungotulukira ku wodi sakanayerekeza, chifukwa mng'ono wakeyo akanatha kumubweza pakhomo anthu akuona. Anatenga foni n'kulemba uthenga.

Mayi wosita zovala, amene ankagwira naye ntchito mushopumo, anaimika simbi n'kumuuza kuti asanatumize ayambe wauwerenga mokweza. Telala anamuyang'ana cham'mbali. Mayiyu ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi mng'ono wake uja, ndiye mwina za matendawa ankazidziwa kalekale, n'kumangosita makolala ali duu. Kapena ankafuna nkhani yokanena. Komabe telala anawerenga, kuti amutseke pakamwa.

"Zikomo kwambiri potidziwitsa kuti mukudwala. Zikuoneka kuti okusamalirani alipo ambiri. Ife tilipo, ngati tingafunike."

Mawu oti "zikomo kwambiri" anatuluka okokeka, mlomo utapindika wokha. Telala anachita manyazi, koma anakakamirabe kuti iye amatanthauza zabwino. Wosita uja anangomufunsa kuti akuthokoza chiyani, poti palibe anamudziwitsa.

Telala anafufuta zikomo wabodzayo. Anafufutanso za osamalira ambiri aja, poti chinali chitonzo chovala ulemu. Za "ngati tingafunike" anazikanirira kaye, akuti n'kudzichepetsa, koma ataziwerenganso zinamveka ngati munthu amene wavala kale nsapato kuti azipita. Wosita anamuuza kuti alembe zimene akumva ndi zimene akufuna kuchita, basi. Telala analembanso uthengawo, anawerenga kachitatu, mlomo sunapindike, ndipo anatumiza.

Uthenga unaonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho osabwera. Telala anasoka mpendero wokhota n'kuuphwasula. Anayamba kuganiza kuti ku wodiko foni ikuyenda m'manja mwa alamu, akumuseka.

Kenako foni inalira. Mng'ono wake sanapereke n'komwe moni.

"Achemwali, walemba ndani uthengawu? Inu simulankhula chonchi."

Telala anati walemba yekha. Winayo sanakhulupirire, anati mwina wachita kukopera penapake. Mawu ake anali ofooka, koma makani anali omwe aja.

"Ngati ndi wanudi, ndiwerengereni ndimve."

Telala anatembenukira kukhoma, kumene kunapachikidwa madiresi a eni ake.

"Mng'ono wanga, ndamva kuti uli m'chipatala ndipo ndachita mantha kwambiri. Ndikufuna ndikuone usanalowe ku opaleshoni. Ukandilola, nditseka shopu ndibwere lero."

Atafika pa mawu oti mantha, zotsalazo anazimaliza movutikira. Pa foni pankamveka mawilo a bedi limene ankalikankha mukhonde.

"Inenso ndikuopa, achemwali," anatero mng'ono wakeyo. "Bedi langa ndi lakumapeto, pafupi ndi windo."