Likodzo la Pampopi

A Gervazio, telala wa ku Limbe, atangoyamba kumwa mankhwala a TB anaona kuti mkodzo wawo wafiira. Anakulira ku Nsanje, ndipo likodzo ankalidziwa bwino.

"Amake Yona, likodzo landipeza," anauza akazi awo. "Mapiritsiwa ndayamba ndawasiya, tithane kaye ndi zatsopanozi."

"Likodzolo mwalitenga kuti, pampopi wa ku Nkolokosa? Tiyeni kuchipatala."

Kumeneko namwino anawafunsa modekha ngati ankamva kuwawa pokodza, kapena ngati magazi ankadontha kumapeto.

"Ayi mayi, wonse ukungooneka ngati Sobo wa malalanje."

Namwino anawayang'ana m'maso, kenako anatumiza mkodzowo kukayezetsa. Munalibe magazi.

"Ndi mapiritsiwa, bambo. Amafiiritsa mkodzo, misozi, ngakhale thukuta, ndipo zimenezo sizoopsa. Musawasiye. Koma maso akachita chikasu, mukamasanza kapena mukatuluka zidzolo, mubwere msanga."

"Thukutanso?" anadabwa amake Yona. "Ndiye malaya anu oyera akutchalitchi aja muyambe mwawapachika. Wochapa ndine!"

A Gervazio anaseka mpaka kutsokomola. Anapempha madzi, n'kumwa mapiritsi a tsikulo pomwepo.