Mizere Iwiri Yotuwa

Jenipher wa pa shopu ya fotokope ku Mitundu ananeneratu makina asanayambe n'kulira komwe.

"Bambo, pepala ili likatuluka lopanda kala, mizere iwiriyi ifanana. Kufiira uku ndi kubiriwira uku mphamvu yake ndi imodzi, zonse zisanduka zotuwa mofanana. Taonani."

Anadina pa kompyuta, mitundu yonse n'kuzimirira. Patricia, amene anaima kumbuyo mwana ali kumsana, anasuzumira. Mphindi yapitayo panali mzere wofiira ndi wobiriwira. Tsopano panali tizingwe tiwiri totuwa, tokumana pakati. Timabokosi tofotokoza mizereyo natonso tinali titatuwa chimodzimodzi.

Pepalalo linachokera kwa anthu a bungwe amene ankayeza madzi m'mudzi mwawo mwezi ndi mwezi. Mzere umodzi unali wa tizilombo ta m'madzi a pamjigo, wina wa m'chitsime cha kudimba kwa a Kenneth, wapampando wa komiti ya madzi. Iwo ndi amene analandira pepalalo pafoni, n'kumutenga Patricia monga mlembi wa komitiyo kuti akapangitse makope makumi anayi a msonkhano. Analinso amalume a mwamuna wake.

"Ndi ntchito ya mphindi zisanu," anatero Jenipher. "Fayiloyi ikulola kusintha. Mzere umodzi ndiudetse bii, ukhale wonenepa, winawo ukhale wodukizadukiza. Mayina ndiwalembe kumapeto kwa mzere uliwonse, anthu asamasake m'timabokosi. Tisindikize limodzi, tiliyese pa fotokope, chifukwa zotuwa pang'ono makinawa amadya."

"Pepala la bungwe silisinthidwa, chemwali. Mukuchiona chidindocho?" anatero a Kenneth.

"Manambala sindikhudza ayi. Kapena ndingodutsitsa cholembera chakuda pamzere umodzi tisanachulukitse."

"Kuti akanene kuti Kenneth wajambula zake? Tulutsani mmene lililimo."

Patricia anafuna kulankhula, koma Mwayi anayamba kulira kumsanako, thewera litanyowanso. Linali tsiku lachitatu akutsegula m'mimba. Anatuluka naye panja, ndipo pobwerera anapeza mapepala ali kale m'manja mwa a Kenneth. Chimene chinamukhala mumtima n'chakuti bamboyo anayang'anitsitsa mizere yotuwayo nthawi yaitali, osaoneka wodandaula.

Msonkhano unachitika Lachisanu masana m'kalasi yopanda ana. Mlangizi wa zaumoyo anali ku maphunziro ku Lilongwe, choncho a Kenneth ndi amene anafotokoza. Anakweza pepala, chala chili pamzere wapamwamba.

"Tonse tikudziwa kuti mu Seputembala mjigo unali ndi ming'alu pasimenti, madzi akuda ankalowa. Ndiye uwu wayambira pamwambawu ndi mjigo. Tinakonza, watsika mpaka Januwale apa. Koma taonani mvula itakula: wakweranso. Wapansiwu ndi chitsime. Unakwera pang'ono, n'kubwerera pansi."

Anthu anatsatira ndi zala pamapepala awo, akugwedeza mitu. Zinkaonekadi choncho. Mizereyo inali yokhota mofewa, ndipo pamene inakumana panali chidontho chimodzi chotuwa. Munthu akanatha kunena kuti yangogundana n'kubwerera, kapena kuti yadutsana.

Patricia sanagwedeze mutu. Iye anaona kala yake pa kompyuta paja. Wofiira unayambira pansi kumanzere n'kukathera pamwamba kumanja, osabwerera. Ngati woyambira pamwamba unali mjigo, ndiye wofiirawo unali chitsime. Ndipo khola la ng'ombe la a Kenneth linali kumtunda kwa chitsimecho, madzi a mvula ankatsetserekera komweko.

Anaimirira.

"Pepani akuluakulu. Mizereyi yadutsana. Umene wakwerawo ndi wa chitsime. Unali wofiira."

"Wofiira uti, amake Mwayi?" anafunsa mayi wina kumbuyo, akutembenuza pepala. "Langali lonse ndi phulusa."

Anthu anaseka.

"Amalume, bwanji mutionetse pafoni? Pamenepo kala ilipo," anatero Patricia.

A Kenneth anagwira thumba la malaya. "Foni inadzadza, adzukulu anafufuta zinthu. Komatu pepala ndi lomweli, apongozi. Munalipo potulutsa. Kapena pali china chimene munapangana ndi mtsikana wa pashopu uja? Paja amalimbikira zosintha mizere."

Patricia anaona nkhope zikutembenukira kwa iye, mtengwa wochokera ku Nathenje, wa Fomu 4, amene anapatsidwa ulembi pamene eni mudzi analipo. Mayi Lilian, oyandikana nawo nyumba, anayankhula osamuyang'ana.

"Mwana wanu amamwa madzi a kuti?"

"A pamjigo."

"Ndiye akutsegula m'mimba bwanji?"

Yankho anali nalo, koma linali loti silingatuluke pagulu. Akapita kumsika, Mwayi ankatsala ndi apongozi ake aakazi, mlongo wa a Kenneth, ndipo iwo ankatunga kudimba chifukwa n'kufupi. Anayang'ana Madalitso, mwamuna wake. Iye anali kuwerenga pepala lake ngati muli nkhani yaitali. Patricia anakhala pansi.

Anagwirizana kuti mawa lake masana mjigo umangidwe unyolo mpaka a bungwe adzabwerenso mwezi wamawa. Anthu azitunga kudimba, a Kenneth alola ndi mtima umodzi. Ena anawomba m'manja.

Dzuwa likupendeka, Patricia anakhala pakhonde akumwetsa Mwayi madzi a thanzi a kuchipatala ndi supuni. Pepala linali pabondo. Anatenga cholembera n'kuyamba kudontheza timadontho pamzere umene ankaukumbukira kuti ndi wofiira, kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pepalalo linayamba kulankhula zoona. Koma ndani akanakhulupirira madontho a dzanja lake?

Madalitso anafika n'kuima pafupi.

"Mwawachititsa manyazi amalume."

"Inu simukuona kuti anadziwa? Anauzidwa ine ndili pomwepo. Anakana."

"Mwina amaopa chidindo basi. Anthu akale amatero."

"Mwina. Nanga foni?"

Patricia anayesetsa kuwaganizira zabwino a Kenneth. Mwina analidi kuopa chidindo. Mwina mizereyo anaiwerenga choncho ndi mtima woona, poti munthu amaona chimene akufuna. Koma ankakumbukirabe mmene anayang'anitsitsira mizere yotuwa ija.

Kuseri kwa nkhokwe kunadutsa apongozi ake aakazi, ndowa ili pamutu, akuchokera njira ya kudimba. Anaitula pakhomo pa Patricia.

"Ndakutungirani. Muyambe kuzolowera."

Patricia anathokoza atagwada. Atachoka, anakankhira ndowayo kutali ndi pamene Mwayi amakwawira.

Paja tsiku lija a Kenneth anatumiza fayilo ija ku foni ya pashopu, Jenipher n'kuiika pa kompyuta. Ngati sanaifufute, ilipobe. Shopu imatsegulidwa seveni koloko, ndipo kuyenda wapansi ndi maola awiri. Akasindikiza pepala limodzi la kala loti aliyense aone ndi maso ake, ena onse a mzere wakuda ndi wodukizadukiza, mayina ali kumapeto. Akanatha kubwerako unyolo usanamangidwe. Koma a Kenneth ali ndi njinga, ndipo Loweruka salephera kupita ku Mitundu.

"Ndinyamuka kusanache," anatero Patricia. "Ndikufuna ndikafike pashopu paja amalume asanafike."

"Mukapeza anafufuta?" anafunsa Madalitso.

Patricia analowa m'nyumba. M'chikwama anaikamo pepala lija, buku la kusikelo, matewera onse, ndi zovala za Mwayi zokwana masiku ambiri.

"Ndikapeza palibe, ndipitirira ku Nathenje kwa amayi. Mwanayu samwanso madzi a kudimba."