Ndalama Zili M'mimba mwa Omanga

Ndinatsika basi ku Livingstone mu June, chikwama chimodzi, m'thumba mulibe kanthu. Mlongo wanga Mazuba wa ku Dambwa North anandipatsa mphasa ndi ntchito.

Anali atapeza mwayi wophikira anthu omanga loji ya alendo m'mbali mwa Zambezi, kudera la Mukuni. Miyezi isanu ndi umodzi. Kuti ayambe anatenga ndalama za mwana wake Cheryl, zolipirira sukulu ya unamwino mu Januwale.

"Mwadya fizi ya mwana, ba sisi?"

"Sindinadye iwe. Yagona chabe."

Anandionetsa pomwe yagona. Ina m'matumba a ufa ndi nyemba. Ina pa dipoziti ya makireti a zakumwa ndi masilinda a gasi. Yambiri m'mimba mwa omanga, poti ankadya pangongole mpaka malipiro. Akalipira, iye ankagula katundu wina. Phindu linkapita ku lendi ndi ndiwo zapakhomo. Ndalama yoyambira inkangozungulira, osatuluka.

"Mwezi womaliza," anatero, "sindigula kanthu. Nkhongole natseka. Makireti nabweza. Fizi ibwela yonse."

Novembala atayamba anasiyadi kugula. Atati atseke ngongole, kapitawo Mwiinga anabwera akutokosa m'mano.

"Ba mayo, lelo tasanduka akawalala? Anyamata anyamule simenti na njala?"

"Ni mwezi womaliza, ba Mwiinga."

"Malipilo ni pa sate, mwezi ukasila. Nizaimilila pa geti ine mwine. Amene sanalipile satuluka."

"Na mimba iyo geti muitseka zoona," anatero Mazuba. Onse anaseka. Ngongole inapitirira.

Mvula inafulumira. Msewu wa malole unayamba kudukaduka. Mwini ntchito anathamangitsa denga, natseka ntchito sabata ziwiri nthawi isanakwane. Malipiro a omanga anawatumiza pa foni, Lamlungu.

Lolemba tinafika ndi mapoto odzaza. Matenti atapasulidwa. Panatsala mlonda ndi anyani.

"Anapita dzulo," anatero mlondayo. "Ena Kazungula, ena Sesheke."

Mazuba anaimbira Mwiinga. Foni inalira mpaka kudzidukira. Kachiwiri, yozima.

Tinabweza makireti ndi masilinda. Dipoziti inatuluka, kupatula ya mabotolo osweka. Ufa wotsala unali utafumbwa, tinaugulitsa motchipa kwa mayi wina woweta nkhuku. Zonse pamodzi sizinafike theka la fizi.

Ndinapita ku Kazungula. Misewu ndimaidziwa. Ndinapeza omanga atatu pa bala. Mmodzi anandipatsa fifite kwacha ndi dalitso. Awiriwo anati sanandionepo.

Ndinabwerera madzulo. Cheryl anali pakhonde, akusita diresi loyera la unamwino lomwe amayi ake anamusokereratu mu Ogasiti.

"Ba malume, mwawapeza?"

Mazuba anatuluka m'nyumba. Anayang'ana fifite kwacha ija m'dzanja langa. Anazula waya wa simbi pakhoma.

"Pinda, mwanangu. Uike pansi pa sutikesi."

"Mpaka liti, amayi?"

Mazuba anatenga poto wamkulu wophikira omanga nayamba kumukwecha. Potoyo anali woyera kale.