Owasambitsa Amayi Lolemba

Anthu ena ndi olimba mtima, abale inu! Miyezi eyiti Loyce akudzuka faifi koloko, kukwera basi kuchokera ku Partick kupita ku Govanhill, kuno ku Scotland, kukawasambitsa amayi ake amene anachita sitiroko, achimwene ake a Ephraim ankangotulukira Lamlungu atavala suti, kupemphera mphindi khumi, kusiya mapaundi makumi awiri pansi pa mbale ya shuga, basi ulendo. Ndiye lero, tsiku lomwe mayi wa kukhansolo wabwera kudzaona thandizo lomwe amayiwo akufunikira, a Ephraimwo ndi amene akhala pampando wapakati.

Loyce anali namwino. Anachepetsa masiku ake kuchipatala kufika awiri pa sabata, ndipo abwana ake anali atamuuza mosapita m'mbali: pofika Lachisanu anene ngati akubwerera kuntchito yonse, apo ayi malo ake apatsidwa wina. Lendi anali atatsalira nayo kale mwezi umodzi.

Mayi wa kukhansoloyo, Theresa, anatsegula fomu yake n'kufunsa kuti banja likukwanitsa bwanji.

"Palibe vuto," a Ephraim anayankha m'Chingerezi chawo cha paguwa. "Kwathu kholo sitilisiya m'manja mwa alendo. Timasamala tokha."

Theresa anayamba kulemba. Loyce anamva magazi akuwira. Ankaidziwa fomu imeneyo: ukangonena kuti banja likukwanitsa, dzina lako limapita pansi pa mndandanda, chifukwa thandizo amayamba kupatsa amene alibiretu pogwira.

"Musalembe zimenezo," anatero Loyce. Kenako anatembenukira kwa achimwene ake m'Chichewa. "Timasamala? Inu ndi ndani? Mutu umodzi susenza denga, achimwene, koma denga ili ndalisenza ndekha. Tandiuzani, amamwa mapiritsi angati m'mawa?"

"Iwe Loyce, pali mlendo pano."

"Angati?"

A Ephraim anangoyang'ana kapeti. Loyce anatulutsa pepala m'chikwama. Kwa sabata yathunthu anali atalemba zonse: kusambitsa, kuveka, kupita nawo kuchimbudzi, kuphika, kuchapa zofunda, kuwaperekeza ku fiziyo kokawongola ziwalo. Maola makumi anayi ndi limodzi. A Ephraim theka la ola, kuphatikizapo tiyi.

"Koma iwe ndi namwino, ndi ntchito yako," iwo anatero. "Komanso ine mwamuna sindingasambitse mayi anga. Ndi mwambo."

"Chabwino, mwambo. Kodi mwambo umaletsanso kugula zinthu kusitolo? Umaletsa kukwecha m'bafa? Kapena galimoto yanu imadwala ikaona chipata cha chipatala?"

Theresa, ngakhale sanamve mawu, nkhope anaziwerenga. Anafotokoza modekha kuti ku Scotland kusambitsa, kuveka ndi kupereka mankhwala khansolo imachita ulere, ikaona kuti munthu akufunikiradi thandizolo. Kukonza m'nyumba ndi kugula zinthu ndiye n'za banja, kapena kulipira. Anati Loyce naye ali ndi ufulu woti zosowa zake ziunikidwe monga wosamalira, koma ndalama ya boma ya osamalira sangalandire chifukwa malipiro ake, ngakhale ochepawo, apitirira malire. Kenako anawerama n'kufunsa mwini wake, a Nachisale, ngati angalole kusambitsidwa ndi anthu osawadziwa.

Amayiwo analankhula pang'onopang'ono, mbali imodzi ya pakamwa ikukana. "Ine ndasambitsa amayi a eni ake zaka makumi awiri mumzinda uno. Fizi ya Ephraim inachokera m'mabafa amenewo. Abwere."

Loyce sanadikire kuti phala lizizire. Pomwepo anagawa ntchito. Kusambitsa m'mawa ndi madzulo, a khansolo. Iye atenga mankhwala, kulankhula ndi madokotala, ndi masiku awiri ogona konko. A Ephraim atenga zogula, maulendo onse a kuchipatala, ndi Loweruka lonse, osati la mphindi khumi. Wokonza m'nyumba alipiridwa kuchokera ku penshoni ya amayi, chotsala agawana malinga ndi malipiro: a Ephraim magawo awiri, iye limodzi. Zonse zilembedwe, aunikenso pakatha miyezi itatu.

A Ephraim anavomera ndi mutu, mwa njira ya munthu womeza kwinini. Koma Theresa anali ndi mawu ena: osamalira ndi ochepa, mndandanda ndi wautali, mwina padutsa masabata sikisi asanayambe kubwera.

"Eya, ndiye upirire pang'ono, mlongo wanga," a Ephraim anatero, nkhope itamasuka. "Masabata sikisi si kanthu."

Si kanthu! Loyce anawayang'ana amayi ake, mtima unamupweteka, koma anatenga foni. Anaimbira abwana ake pamaso pa onse n'kunena kuti Lolemba seveni koloko akhala ali mu wodi. Atadula, analemba nambala ya kampani ya osamalira olipidwa pa ola kuseri kwa pepala lija n'kuliika pabondo pa achimwene ake.

"Nanga Lolemba m'mawa awasambitsa ndani?" a Ephraim anafunsa, mawu atakwera.

"Funso limenelo ndagona nalo ndekha miyezi eyiti, achimwene," Loyce anatero akuvala jekete. "Lero mukagone nalo inu."