Mizere ya Pensulo pa Mbiri ya Yona

Macpherson Silungwe anandilakwira Lamulungu la Kanjedza mu 2015, pamaso pa mpingo wathu wonse ku Mchengautuwa. Ndinali nditawerenga Mawu m'tchalitchimo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tsikulo iye, atangosankhidwa kukhala mlembi wa mpingo, anatola Baibulo langa pa gome, analitsegula, n'kuonetsa anthu mizere ya pensulo imene ndinkalemba pakati pa mawu. Anati munthu wa Sitandade 5 wadetsa Buku Lopatulika ngati kope la mwana. Anthu anaseka. Sabata yotsatira dzina langa, Siyani, linali litachoka pa mndandanda wa owerenga umene umapachikidwa pakhomo.

Mizereyo anandiphunzitsa mlaliki wina wokalamba kwathu ku Ntchisi. Mzere umodzi woimirira, koka mpweya. Iwiri, ima, uwerenge mpaka katatu mumtima. Mzere wogona pansi pa liwu, likanikize liwulo. Basi. Palibe matsenga. Koma kuyambira tsiku la Macpherson lija sindinaonetsenso munthu.

Mu Juni chaka chino anamwalira Yona Chimphepo, mnzanga wa ku Ntchisi yemweyo, kalipentala. Ali pa bedi anauza abale kuti mbiri yake pamaliro adzawerenge mwana wake woyamba, Wezi. Wezi ndi telala pa msika wa Chibavi, mayi wa ana awiri, wodziwa makina ake, koma sanayankhulepo pagulu chibadwire. Akachita mantha lilime limamangika.

Anafika kwanga masana, mawa lake kuli maliro, kunja kukuwaza kamvula kozizira kaja. Anagwada pakhomo, pepala lili m'manja.

"Monire adada," anandilonjera mwaulemu m'Chitumbuka.

"Yewo. Lowa, mwana wa Yona. Pepa ndi zovutazi."

"Adada, a Silungwe ndi amene alemba mbiri iyi pa makina. Akuti ndikakanika ngakhale pang'ono, alanda pepala awerenge okha. Akuti maliro si malo ophunzirira."

"Ndiye wabwera kwa ine wa Sitandade 5?"

"Bambo anga ankati inu mukamawerenga, ngakhale mwana wolira ankasiya."

Ndinayamba ndakayika. Ndinaganiza kuti mwina wina wamutuma kuti mawa apeze chonditonzera. Koma uyu anali mwana wa Yona, ndipo maliro a bambo ake munthu sangawasandutse msampha.

"Werenga ndimve."

Anawerenga. Macpherson anagwira ntchito m'boma, ndipo amalemba ngati kalata ya ku ofesi: chiganizo chimodzi mizere inayi. Wezi anathamanga nacho, mpweya unamuthera pakati, anafika pa dzina la bambo ake wopanda kanthu m'chifuwa, n'kuyamba kulira.

"Mwaona? Sindingathe chomene."

"Sikuti chakugwetsa ndi chisoni chokha. Wafika pa dzinalo m'chifuwa mulibe kanthu. Munthu wopanda mpweya, misozi imamupeza msanga."

Ndinasongola pensulo ndi lezala. Ndinamuuza kuti asadalire zizindikiro zopumira zimene Macpherson anaika m'ziganizo. Zimenezo zimaikidwa kuti maso aone, pamene mpweya uli ndi malo akeake. Ndinaika mzere umodzi dzina la Yona lisanafike, kuti alitchule chifuwa chili chodzaza. Chiganizo chachitali chija ndinachidula panayi. Zaka ndinazilemba m'mbali m'mawu, momwe zimatulukira pakamwa, kuti asaime n'kumaganiza.

Wezi anafuna kuti tikanikize mawu onse okoma. Wachifundo, wolimbikira, wokonda Mulungu.

"Limodzi lokha pa chiganizo," ndinatero. "Ukamasoka diresi, umaika mabatani paliponse?"

Anaseka pang'ono, koyamba.

Tinafika pa mawu oti "anatisiya Lachiwiri m'mawa." Pamenepo ndinaika mizere iwiri yakuda bii.

"Apa azimayi alira. Amalira nthawi zonse akamva tsiku. Ongoyamba kumene amachita mantha, amakweza mawu kuti apikisane nawo, ndipo amagonja. Iwe ima. Usayang'ane mayi ako. Yang'ana khoma la kumbuyo. Pano katatu sikakwana, uwerenge mpaka kulira kutatsika. Kumatsika kokha. Kukatsika, koka mpweya wa m'mimba, osati wa m'mapewa, upitirize."

"Nanga anthu akaganiza kuti ndaiwala?"

"Kwa iwe kukhala chete kudzatalika ngati ulendo wa ku Karonga. Kwa iwo n'kanthawi kochepa."

Tinabwereza kasanu ndi kawiri. Ndinamuimika pakhonde, ine n'kukaima kuseri kwa mpanda mumvula kuti ndimve ngati mawu akufika. Ulendo womaliza anafika kumapeto osagwa. Anapinda pepala, analiika m'chikwama, nati, "Yewo chomene, adada." Ndinamuuza kuti asauze munthu kumene wachokera.

Mawa lake tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Bokosi lisanalowe ndinali pafupi ndi khomo, ndipo ndinaona zonse. Macpherson, atavala suti yakuda, anapempha Wezi kuti aone pepala. Analitambasula. Nkhope yake inasintha, chifukwa mizereyo ankaidziwa.

"Zonyansa izi simungaimirire nazo kutsogolo, mayi. Kuli alendo ochokera ku Lilongwe."

Analipinda n'kuliika m'thumba la jekete, natulutsa lina loyera mu envelopu. Kenako anandiyang'ana ine.

Wezi anatembenukira kwa ine. Ndinalibe pensulo, ndipo oyimba anali atayamba kale kulowetsa bokosi. Anthu anatilekanitsa. Ndinakhala pa benchi yomaliza, malo anga a zaka zonsezi. Kuchokera pamenepo ndinkaona msana wake wokha. Nyimbo ziwiri zonse anaweramira pansi, mutu uli pa mawondo, ndipo ndinati mumtima, basi, mwana wa Yona wagwa asanayambe.

Abusa anaitana mbiri. Wezi anaimirira, anayenda, anagwira maikolofoni ndi dzanja limodzi, pepala analiyala pa gome n'kuikapo chala. Liwu loyamba linakana kutuluka. Macpherson ananyamuka theka pa mpando wake, dzanja litatambasuka kale.

Ndiye ndinamva mpweya. Unamveka m'masipika, wautali, wa m'mimba.

"Bambo athu," anatero, napumanso, "a Yona Chimphepo."

Dzinalo linatuluka lathunthu, linafika mpaka kwa ife a kumbuyo. Macpherson anakhala pansi pang'onopang'ono.

Ndinayamba kutsatira ndi chala pa bondo langa. Pamene ndinadula, anadula. Liwu limene ndinalemba mzere pansi, analikanikiza, lokhalo. Sanaphonye ngakhale pamodzi, ndipo pepala linali loyera, ndinaliona ndi maso anga pakhomo paja. Misozi inkatsika m'masaya mwake mosalekeza, moti sindinamvetse kuti zilembo akuziona bwanji.

"Anatisiya Lachiwiri m'mawa."

Azimayi analira. Kulirako kunayambira kutsogolo kwa mayi ake, kunadutsa mabenchi onse, kunatuluka m'mawindo mpaka kwa amene anali panja. Wezi anaima chilili, maso ali pa khoma la kumbuyo, pamwamba pa mutu wanga. Macpherson anayang'ana abusa, abusa sanagwedezeke. Kulira kunakwera, kunakwera, kenako kunatsika kokha. Wezi anakoka mpweya napitiriza.

Chimene chinachitika pambuyo pake sindinamuphunzitse ine. M'ndime ya ntchito za malemu munali mawu amene Macpherson anangowaponya pakati pa ena, ndipo ine ndinawadutsa osaikapo kanthu. Wezi anawawerenga pang'onopang'ono.

"Mabenchi a m'tchalitchi muno anakhoma ndi iwo."

Anaima. Panalibe wolira, panalibe chifukwa choimira. Ndinawerenga mumtima: kamodzi, kawiri, katatu. Sanapitirize. Kanayi. Kasanu.

Mayi amene anakhala pambali panga anatsitsa dzanja n'kusisita thabwa. Mnyamata wa patsogolo anachita chimodzimodzi. Ndinayang'ana uku ndi uku, tchalitchi chonse chinali chitaweramira pansi, anthu mazana akugwira matabwa amene akhala akukhalira zaka makumi awiri osawaganizira. Mvula inkamveka pa malata. Nanenso ndinapeza dzanja langa lili pa benchi, chala chili pa mutu wa msomali umene Yona anaumiza bwino kuti usakole chovala cha munthu. Zaka zonse zimene ndinawerenga Mawu sindinapangepo chete wotero. Sindinkadziwa kuti alipo.

Anamaliza ndi mayina a ana ndi zidzukulu, lililonse ndi mpweya wake, nakhala pansi.

Kumanda titachoka, anthu akusamba m'manja pakhomo pa nyumba ya malemu, Wezi anandipeza ndili ndekha pafupi ndi mpanda. Mawu ake anali atasasa.

"Adada, tengani ili."

Linali pepala loyera lija.

"Unaloweza zonse tsiku limodzi?" ndinafunsa.

"Mutu wanga uwu? Ayi. Liyang'aneni kumwamba."

Ndinalikweza. Kuwala kunadutsa m'timabowo ting'onoting'ono, mzere ndi mzere. Bowo limodzi pamene ndinaika mzere umodzi. Awiri pamene ndinaika iwiri. Pansi pa mawu okanikiza, anakanda pepala.

"Telala sayenda wopanda phini," anatero, akundionetsa imene inali pa bulauzi yake. "Nyimbo zija ndimaboola pa bondo, pamene ndimakumbukira kuti munalemba. Maso atadzaza misozi, chala chimandiuza poima."

Ndinafufuza mawu a mabenchi aja. Pamenepo panali mabowo atatu.

"Awa ndi a ndani? Ine atatu ndilibe."

"Ndinangoona kuti pamenepo bambo akufuna malo."

Ndinapinda pepalalo mosamala n'kuliika m'thumba la malaya. Pano lili m'Baibulo langa lija, ndipo masiku ena ndimalikweza pa windo.

Lamulungu lotsatira abusa anayamikira momwe mbiri inawerengedwera. Anati alendo a ku Lilongwe anapita akuikamba. Anathokoza mlembi wa mpingo, a Silungwe, chifukwa cholemba mbiriyo ndi kukonzekeretsa mwana wa malemu. Macpherson anaimirira, anawerama pang'ono, anthu anawomba m'manja. Wezi sanalipo, anali ataperekeza mayi ake kumudzi.

Pepala la pensulo lija Macpherson sanabweze. Potuluka ndinaima pakhomo n'kuwerenga mndandanda wa owerenga a mwezi wa Julayi. Pali mayina asanu ndi atatu. Langa palibe.